Kampani ya mbewu yandichotsa pa uejenti: katundu wotsala ndi komishoni yanga zithera pati?

Funso: Ndili ndi shopu ya zipangizo za ulimi ku Luchenza, ndipo kuyambira 2021 ndakhala ndikugulitsira kampani ina ya ku Limbe mbewu ya chimanga pa komishoni ya 8 peresenti. Kwa iwo omwewo ndimaodanso masipuleya opopera mbewu. Mwezi uno wa Febuluwale andilembera kalata yoti ubale wathu utha pakapita masiku 14, ndipo ndibweze mbewu yotsala pamodzi ndi ndalama zawo zonse zomwe ndasunga. Za komishoni yanga, dipoziti yanga ndi masipuleya otsala sanatchulepo kanthu. Kodi ndingakanize katunduyo mpaka atandilipira? Nanga ndingadzidulire komishoni pa ndalama zawozo? Mapepala onse omwe ndili nawo ndatumiza pamodzi ndi kalatayi. — Wogulitsa zipangizo za ulimi, Luchenza, Thyolo

Yankho: Bambo, mapepala anu ndawawerenga onse, ndipo choyamba chomwe ndaona n'chakuti inu ndi kampaniyi muli ndi maubale awiri osiyana, ngakhale kuti katundu yense amabwera pa lole imodzi ndipo amasungidwa m'chipinda chimodzi. Mafunso anu onse awiri yankho lake lagona pa kudziwa kuti katundu aliyense amene ali pa shelefu ndi wa ndani pamaso pa lamulo, choncho tiyambire pamenepo.

Mapepala olandirira mbewu alembedwa kuti katunduyo ndi wa kampani kufikira atagulitsidwa, mtengo wogulitsira amakuikirani ndi iwo, ndipo phindu lanu ndi komishoni basi. Pa mbewu, ndiye kuti ndinu ejenti: mumagulitsa katundu wa eni ake m'dzina lawo, ndalama yomwe mlimi wapereka pa kauntala ndi ya kampani kuyambira nthawi yomwe mwailandira, ndipo mbewu yomwe sinagulidwe ndi nkhawa ya kampani, osati yanu. Masipuleya nkhani yake ndi ina. Anabwera ndi invoisi yolembedwa dzina la shopu yanu, pa mtengo wa pikulitsa wa K45,000 iliyonse, ndipo mtengo wogulitsira mumadziikira nokha. Pamenepa munagula, ndipo kugula pa ngongole sikusintha kanthu. Malinga ndi lamulo lathu la kugula ndi kugulitsa katundu, umwini umachoka kwa wogulitsa kupita kwa wogula pa nthawi yomwe awiriwo anafuna kuti utero, ndipo pa invoisi yanu palibe mawu aliwonse oti kampani ikhalabe mwini mpaka mutamaliza kulipira, kapena oti katundu wosagulidwa adzabwezedwa. Masipuleya 18 otsalawo ndi anu, ndipo ngongole ya K600,000 yomwe yatsala pa invoisi ndi yanunso.

Anthu ambiri a mashopu ku Thyolo ndi ku Mulanje amagwa pa kusiyana kumeneku, chifukwa pakamwa onse amatchedwa "ma ejenti a kampani", ndipo chikwangwani chomwe kampani imakhoma pa khoma chimalembedwa chimodzimodzi. Koma woweruza sayang'ana chikwangwani. Amayang'ana yemwe amaika mtengo, yemwe dzina lake lili pa invoisi, ndi yemwe amaluza katundu akapanda kugulidwa.

Tsopano ku mbewu, komwe kuli ndalama zambiri ndiponso ngozi yaikulu kwa inu. Nyengo ino munalandira mapaketi 1,200 a makilogalamu awiri, pa mtengo wogulitsira wa K15,000. Buku lanu likuonetsa kuti munagulitsa 950: mapaketi 800 pa ndalama ya pompopompo, ndi 150 pa ngongole ku kalabu ya alimi. Ndiye kuti m'sitolo muyenera kupezeka 250. Inu mwawerenga 230 abwino ndi 12 ong'ambika, kutanthauza kuti mapaketi 8 sakudziwika komwe ali. Pa 12 ong'ambikawo muli pabwino, chifukwa munalemba pa pepala lolandirira katundu tsiku lomwe lole inatsitsa, ndipo dalaivala anasainira. Pa 8 osowawo mulibe chonena, pakuti wosunga katundu wa mwini wake ayenera kumusamalira, ndipo akasowa, ndi wosungayo amene ayenera kuonetsa kuti sikunali kulekerera kwake. Ndikulangizani kuti muwavomere nokha musanafunsidwe, koma muumirire kuti akudulireni pa mtengo wochotsa komishoni, chifukwa kampani ikanalandira K13,800 pa paketi, osati K15,000, mapaketiwo akanagulitsidwa bwinobwino. Pa mapaketi 8, imeneyo ndi K110,400.

Kodi mungakanize mapaketi 230 aja? Lamulo lomwe makhothi athu amagwiritsa ntchito pa nkhani za ma ejenti, lomwe gawo lake lalikulu linachokera ku zigamulo za makhothi a ku Mangalande, limavomereza kuti ejenti agwire katundu wa bwana wake yemwe ali m'manja mwake movomerezeka, mpaka atalipidwa ndalama zomwe zakhwima kale zokhudza ntchito imeneyo. Ufulu umenewu ulipo ndithu, koma uli ndi malire atatu omwe muyenera kuwadziwa musanautsamire. Umatha ngati mgwirizano unanena kuti katundu abwezedwe nthawi iliyonse kampani ikamufuna, ndipo kalata yokupatsani uejenti ya 2021 sinanene zimenezo, choncho apa mwapulumuka. Ndi ufulu wogwira chabe, osati wogulitsa: tsiku la notisi likadutsa, paketi iliyonse yomwe mungagulitse mwagulitsa katundu wa eni popanda chilolezo. Chomaliza, umatha nthawi yomwe katundu wakwera lole, ndipo sungabwererenso ngakhale kampani italonjeza pakamwa n'kusintha mawa lake.

Komabe ine sindikuona nzeru yogwira mbewu yonseyo. Mapaketi 230 ndi katundu wa K3,450,000, pomwe komishoni yomwe yakhwima, monga tionere pansipa, ndi K360,000 yokha, ndipo inu mwasunga kale ndalama za kampani zoposa pamenepo. Woweruza angakufunseni chifukwa chomwe munagwirira katundu wa mamiliyoni atatu ndi theka pamene ndalama yokwanira ngongoleyo inali kale m'manja mwanu. Kuwonjezera apo, mbewu si simenti kapena malata. Mphamvu yake yomera imatsika ikakhala malo otentha ndi a chinyezi, ndipo chinyezi cha Febuluwale ndi Malichi kwanu kuno mukuchidziwa bwino kuposa ine. Mbewu yotsala imayenera kuyezedwanso isanagulitsidwe nyengo yotsatira, ndipo ikalephera, singagayitsidwe n'komwe chifukwa inapakidwa mankhwala. Mukaigwira miyezi itatu n'kuwonongekera m'manja mwanu, kampani idzanena kuti inawonongeka chifukwa cha inu, ndipo mkangano wa K360,000 udzabala mlandu wa mamiliyoni.

Njira yabwino ndi kubweza mbewuyo, koma kubweza mwa dongosolo. Lemberani kampani kuti itumize munthu wokhala ndi mphamvu yosaina, osati dalaivala yekha, pa tsiku lomwe mugwirizane lisanakwane la 14. Tsiku limenelo muwerengere limodzi paketi iliyonse, mulembe mtundu wa mbewu, nambala ya gulu yomwe yasindikizidwa pa paketi, ndi mkhalidwe wake, abwino padera ong'ambika padera. Jambulani zithunzi katundu asanakwere lole, ndipo pepalalo lisainidwe ndi mbali zonse ziwiri, aliyense atenge lake. Mawu oti "alandiridwa ali bwino" alembedwe pamenepo, chifukwa chizolowezi choipa chomwe chilipo n'chakuti katundu amachoka pa shopu ali bwino, kenako patapita sabata ziwiri kumabwera foni yochokera ku nyumba yosungira katundu yoti mapaketi 40 apezeka onyowa ndipo adulidwa pa komishoni. Mtengo wa thiransipoti yobwezera ndi wa mwini katundu ngati simunagwirizane mwina, ndipo poti ndi iwo amene athetsa mgwirizano, musavomere kulipira lole yopita ku Limbe.

Za komishoni tiziwerenge m'magawo atatu, chifukwa gawo lililonse lili ndi mphamvu yake. Pa mapaketi 800 omwe alimi analipira, malonda ndi K12,000,000, ndipo 8 peresenti yake ndi K960,000. Kampani inakulipirani kale K600,000 mu Disembala, kuwerengera pamodzi ndi msonkho womwe inadula. Yotsala ndi K360,000, ndipo iyi ilibe mtsutso: ntchito munagwira, ndalama inalowa, ndipo kutha kwa mgwirizano sikufafaniza malipiro omwe anakhwima mgwirizano usanathe. Musayembekezere kuilandira yonse m'manja, pakuti kampani imayenera kudula msonkho wa 20 peresenti pa komishoni n'kuupereka ku MRA. Pa K360,000 adula K72,000, ndipo mutsala ndi K288,000. Chofunika n'chakuti akupatseni setifiketi ya msonkho wodulidwawo, wa tsopano ndi wa Disembala womwe, chifukwa ndi pepala limenelo lomwe limakuthandizani kuti ndalamayo ichotsedwe pa msonkho wanu wa pachaka. Mukasiyana musanaitenge, mudzavutika kuilondola kwa anthu omwe sakuyankhaninso foni.

Gawo lachiwiri ndi la mapaketi 150 omwe anapita ku kalabu pa ngongole. Ndi malonda a K2,250,000, komishoni yake K180,000. Kalata ya 2021 ikunena kuti komishoni imalipidwa pa malonda omwe ndalama yake yalandiridwa, choncho iyi sinakhwime, ndipo simungaidule lero kapena kugwirira katundu chifukwa cha iyo. Koma sinafenso. Kalabu ikadzalipira pokolola, kaya kwa inu kaya ku kampani mwachindunji, komishoniyo idzakhala yanu, chifukwa malondawo munawapanga muli ejenti. Vuto lake ndi lakuti pofika Meyi kapena Juni simudzakhalanso ndi njira yodziwira kuti kalabu yalipira. N'chifukwa chake pepala lotsekera liyenera kutchula ngongoleyi ndi dzina, kunena kuti kampani idzakudziwitsani ndi kukulipirani pasanathe masiku angapo omwe mugwirizane ndalama ikalowa, ndiponso kuti kalabu ikalipira theka, inunso mulandira theka la komishoni. Pambali pa izo, pemphani mlembi wa kalabuyo kuti adzakuonetseni risiti akadzalipira.

Pali ngozi ina pa ngongole yomweyi yomwe mwina simunaiganizire. Kampani ingayese kukusenzetsani K2,250,000 yonseyo, ponena kuti ndi inu munakongoza. Lamulo lake n'lakuti ejenti sakhala chikole cha makasitomala pokhapokha atavomera udindo umenewo momveka, ndipo kawirikawiri wovomera zotere amapatsidwa komishoni yokwererapo. Koma ejenti wokongoza katundu wa bwana wake popanda chilolezo amalipira yekha. Pa mapepala anu ndaonapo uthenga wa pa WhatsApp wa mu Novembala momwe mkulu wa zamalonda wa kampani anavomera kuti kalabu itenge mbewu idzalipire pokolola. Uthenga umenewo ndi wa mtengo wa mamiliyoni awiri. Usindikizeni pa pepala pooneka nambala ndi tsiku, musunge foniyo bwino, ndipo musafufute kalikonse pa macheza amenewo.

Gawo lachitatu ndilo lovuta. Ndi oda ya mapaketi 200 ya mbewu ya kudimba yomwe munakambirana ndi gulu la alimi a mthirira mu Januwale, yomwe katundu wake akuyenera kuperekedwa mu Epulo, mgwirizano wanu utatha kale. Komishoni yake ikanakhala K240,000. Funso lomwe khothi limafunsa pa nkhani yotere ndi lakuti, kodi malondawo anatheka chifukwa cha ntchito ya ndani, ndipo anamangidwa liti? Ngati gululo linasaina oda ndipo kampani inaivomera notisi isanathe, muli ndi mfundo yolimba yolandirira komishoniyo ngakhale katundu ataperekedwa ndi ejenti watsopano. Ngati panali kukambirana chabe, ndipo oda yeniyeni idzalembedwa mu Malichi kudzera mwa munthu wina, mwayi wanu ndi wochepa, ndipo pa maoda omwe alimi omwewo adzapange zaka zikubwerazi mulibe gawo konse, ngakhale kuti ndi inu munawazoloweretsa mbewuyo. Pa zomwe mwatumiza pali kalata ya gululo yopempha mtengo, koma palibe oda yosainidwa. Masiku omwe atsalawa mukadali ejenti ndi mphamvu zonse, choncho pitani kwa atsogoleri a gululo, oda ilembedwe ndi kusainidwa, muitumize ku kampani mwa njira yosiya umboni, ndipo musunge kope. Ntchito ya tsiku limodzi imeneyi ingakupindulireni kuposa makalata onse a loya.

Tifike pa K900,000 yomwe mwasunga, yomwe ndi kusiyana kwa K12,000,000 yomwe munatolera ndi K11,100,000 yomwe munaika ku banki ya kampani. Pali mitundu ya uejenti momwe ejenti amadula komishoni yake n'kutumiza yotsala, ndipo lamulo silikana zimenezo ngati ndi momwe awiriwo amachitira. Koma kwa inu, zaka zonsezi mwakhala mukutumiza ndalama yonse, kampani n'kumakulipirani komishoni padera itadula msonkho, ndipo kalata ya 2021 ikunena kuti ndalama za malonda ziziikidwa ku banki sabata iliyonse. Mukasintha lero mwa inu nokha, mwaphwanya mgwirizano, ndipo mwapatsa kampani mpata wopita ku polisi m'malo mopita ku khothi la milandu ya ndalama. Malamulo athu a milandu ya upandu amatenga ejenti wogwiritsa ntchito ndalama yomwe analandirira bwana wake ngati wakuba. N'zotheka kuti pamapeto pake mungapambane poonetsa kuti munkakhulupirira moona mtima kuti ndalamayo ndi yanu, koma mungapambane mutagona kale m'chitokosi ndipo dzina la shopu litaipa pa msika wonse wa Luchenza.

Chomwe mungachite ndi ichi. Ndalamayo isakhudzidwe, isalowe mu oda ya katundu wina ngakhale kwa masiku awiri. Lemberani kampani kuvomereza kuti muli nayo, ndipo muonetse masamu onse pa tsamba limodzi. Kumbali yanu muli ndi ngongole ya K900,000 ndi K110,400 ya mapaketi osowa, zonse pamodzi K1,010,400. Kumbali yawo ali ndi ngongole kwa inu ya K288,000 ya komishoni yochotsa msonkho ndi K500,000 ya dipoziti yomwe munapereka mu 2021, zonse pamodzi K788,000. Kusiyana kwake ndi K222,400, yomwe inu muyenera kupereka. Pemphani kuti avomere polemba kuti ngongole ziwirizi ziphane, ndipo akavomera, kudula komwe kukanakhala mlandu mukanachita nokha kumasanduka mgwirizano. Akakana kapena akangokhala chete, tumizani msanga K222,400 yomwe ilibe mtsutso, ndipo za yotsalayo muonane ndi loya tsiku la 14 lisanafike, kuti akuuzeni ngati n'koyenera kuipereka uku mukulemba kuti simunataye ufulu wanu, kapena kuisungitsa kwa iye mpaka nkhani itatha.

Za dipoziti ndinenepo pang'ono. K500,000 ya 2021 si K500,000 ya lero, pakuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zimapweteka, koma risiti yanu sinatchule chiwongoladzanja, choncho chomwe mungaumirire mwa lamulo ndi ndalama yomwe yalembedwayo. Chiwongoladzanja chingayambe kukambidwa kuyambira tsiku lomwe anayenera kubweza n'kulephera.

Masipuleya aja, poti ndi anu, kampani ilibe udindo wowatenganso, ndipo inunso mulibe udindo wowabweza. Palibe lamulo lokakamiza wopikulitsa kugulanso katundu yemwe anagulitsa ali bwino, pokhapokha mgwirizano utanena choncho. Mbali yabwino yake ndi yakuti palibenso angakuletseni kuwagulitsa mgwirizano utatha, bola musadzitchulenso kuti ndinu woimira kampaniyo. Muli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kupempha kuti awagulenso. Pa mtengo wa invoisi, masipuleya 18 ndi K810,000, ndipo makampani akavomera kutenganso katundu amakonda kudulapo kena kake ponena za thiransipoti ndi makatoni operepeseka. Titati adule 10 peresenti, akupatsani K729,000, achotsepo ngongole ya K600,000, inu mutsale ndi K129,000. Tikaiphatikiza ndi masamu a mbewu aja, ndalama yomwe mungatulutse m'thumba yatsika kufika pa K93,400. Zikatero, onetsetsani kuti akulemberani pepala lochotsera ngongole lotchula nambala ya invoisi yoyamba ija, ndipo ngati pa invoisiyo panali VAT, ibwezedwenso pa pepala lomwelo.

Njira yachiwiri ndi kuwasunga n'kumagulitsa pang'onopang'ono, ndipo ine ndikanakhala inu ndikanatsata imeneyi. Sipuleya siwola ndipo ilibe tsiku lothera ntchito, munaigula pa mtengo wa chaka chatha, ndipo nyengo ya tomato ndi kabichi wa kudimba ili pafupi, pomwe alimi a masamba a ku Thyolo kuno amafuna chipangizo chimenechi kwambiri. Kuwabweza pa mtengo wodulidwa pamene mitengo ya katundu wochokera kunja ikukwera ndi kupatsa kampani phindu lanu. Chomwe mungapemphe m'malo mwake ndi nthawi: kuti K600,000 ija muilipire m'magawo atatu pa miyezi itatu, ndiponso kuti apitirize kukugulitsani zida zosinthira monga mapampu ndi timilomo topopera, ndi kulandira masipuleya omwe apezeka ndi vuto lochokera ku fakitale. Mlimi yemwe sipuleya yake yafa pakatha sabata adzabwera kwa inu amene munamugulitsa, osati ku Limbe, ndipo pamaso pa lamulo ndi inu muyenera kumuyankha.

Mwina mukudzifunsa ngati masiku 14 ndi okwanira pambuyo pa zaka zonsezi. Kalata ya 2021 sinatchule nthawi ya notisi, ndipo zikatero lamulo limafuna notisi yokwanira bwino, poyang'ana kutalika kwa ubale, ndalama zomwe ejenti analowetsa pa ntchitoyo, ndi nthawi yomwe angafune kuti apeze kampani ina. Palibe nambala yoikika, koma kwa munthu amene sanapalamule kanthu, masiku 14 ndi ochepa, ndipo mfundo imeneyi mukhoza kuitchula m'kalata yanu. Ingodziwani kukula kwake kwenikweni. Chipukuta misozi cha notisi yoperewera chimawerengedwa pa komishoni yomwe mukanapeza m'miyezi yomwe anakumanani, ndipo Malichi ndi Epulo si Novembala: mbewu ya chimanga imayenda pang'ono. Phindu lake lenileni lili pa oda ya mthirira ija, chifukwa notisi ya miyezi iwiri kapena itatu ikanaifikitsa mkati mwa nthawi yanu, ndipo imeneyo ndi mfundo yabwino yokakamizira K240,000. Koma malipiro oti munamangira kampani msika, omwe ma ejenti a ku Ulaya amalandira pansi pa lamulo la 1986 la mayiko a kumeneko, kuno kulibe ngati sanalembedwe mu mgwirizano. Ndiponso poti muli ndi shopu yanuyanu, mumagulitsa katundu wa makampani ena ndipo palibe amakuikirani maola, simuli wolembedwa ntchito, choncho khothi la nkhani za apantchito si kwanu.

Pa tsiku lotsekera, kampani mwina idzabwera ndi pepala lake lolembedwa kale, lokhala ndi mawu oti ndalama yomwe mwalandira yatseka nkhani zonse pakati panu. Mukasaina mawu amenewo momwe alili, K180,000 ya kalabu ndi K240,000 ya mthirira zapita. Lembani ndi cholembera pa pepala lomwelo kuti kutsekaku sikukhudza komishoni ziwirizi, muzitchule ndi ndalama zake, ndipo woimira kampani asainire pambali pa mawu owonjezerawo. Pepalalo linenenso kuti kampani yalandira mbewu yonse, mabuku a malisiti otsala ndi chikwangwani chake, ndipo ilibenso china chofuna kwa inu pa katundu. Mukatero, dziwitsani makasitomala anu akuluakulu, makamaka kalabu ija, polemba kuti kuyambira tsiku lakutilakuti ndalama za mbewu azilipira ku kampani. Wina akakutumizirani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba mosadziwa, itumizeni ku kampani tsiku lomwelo ndipo musunge uthenga wotsimikizira.

Zikakanika kukambirana, nthawi muli nayo koma si yopanda malire. Mlandu wa ngongole yochokera pa mgwirizano umayenera kuyambidwa pasanathe zaka 6 kuchokera pomwe ndalamayo inayenera kulipidwa, ndipo kampani ikavomereza ngongoleyo polemba ndi kusaina, zakazo zimayambanso kuwerengedwa kuchokera tsiku lovomerezalo. Ichi ndi chifukwa china chofunira siginecha yawo pa tsamba la masamu lija, ngakhale atapanda kulipira tsiku lomwelo. Yambani ndi kalata yofuna ndalama yopereka masiku owerengeka, yopita kwa mkulu woyang'anira zachuma osati kwa wamalonda yemwe munkachita naye, ndipo kope lake lidindidwe pa ofesi yawo. Ndalama za kukula uku zimayambira ku khothi la majisitireti, ndipo kalaliki wa khothi ku Thyolo angakuuzeni woweruza wa mlingo woyenera ndalama yanu, pomwe milandu ikuluikulu ya malonda imapita ku nthambi ya zamalonda ya khothi lalikulu ku Blantyre. Musanalembe loya kuti ayendetse mlandu wonse, mufunseni mtengo wake n'kuuyerekeza ndi ndalama yomwe mukulimbira, yomwe pa komishoni ziwiri zodikira zija, msonkho utachotsedwa, ndi K336,000. Pa ndalama yotere, kulipira loya kuti awerenge pepala lotsekera musanasaine ndi kukulemberani kalata imodzi yolimba kungakhale kokwanira.